Kalata yosiyana ndi kasitomala wochedwa kulipira

Pa ntchito yanga yolemba mabuku a ndalama a mabizinesi ang'onoang'ono kuno ku Salima, ndaona kuti kasitomala amene amagwetsa bizinesi kawirikawiri si wokana kulipira ayi. Ndi uja amalipira ndithu, koma mochedwa komanso mwapang'onopang'ono, mpamba wanu nkumagona m'thumba mwake. Mukaganiza zosiyana naye musangoleka kupita kapena kumukalipira pa foni. Lembani kalata, ndipo mphamvu ya kalatayo ikhale m'masiku ndi manambala.

Titenge chitsanzo cha mayi woweta nkhuku amene amaperekera mazira ku loji ina ku Senga Bay: mathireyi 20 masabata awiri alionse, pa K10,000 thireyi, ndipo anagwirizana kuti ndalama izituluka pasanathe masiku 14. Invoisi ya pa 3 Marichi ya K200,000 a lojiyo analipirako K120,000 yokha, pa 9 Epulo. Ya pa 17 Marichi ndi ya pa 31 Marichi sanazikhudze. Nkhukutu sizidikira, chakudya chake mayiwa akugula ndi ndalama yobwereka.

Asanalembe chilichonse, akhale pansi ndi mapepala: mainvoisi, timapepala tosainira polandira katundu, ndi mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba. Apa ndi pomwe ambiri amagwa. Mukalakwitsa ndi K5,000 yokha, wangongole amagwira pomwepo, nkhani yonse nkusanduka mkangano wa masamu. Fufuzaninso ngati pa zomwe analipirazo anadulapo msonkho wa MRA, poti makampani ena amadula. Ngati anadula, akupatseni chikalata chake, ndipo ndalama imeneyo musaiwerengere pa ngongole.

Onaninso zimene munagwirizana. Ngati munati wofuna kusiya azichenjeza mnzake kutatsala mwezi, sungani mwezi umenewo, apo ayi wolakwa mudzakhala inu. Ngati palibe chomwe munapangana, apatseni mpata woti apeze wina. Kalatayo ikhoza kukhala chonchi:

“14 Epulo. Kwa a Manijala. Bambo, ndikuthokoza chifukwa cha nthawi yonse imene takhala tikugwira ntchito limodzi. Tinagwirizana kuti muzilipira pasanathe masiku 14, koma mainvoisi atatu akadali osamalizidwa: ya pa 3 Marichi yatsala K80,000, ya pa 17 Marichi K200,000, ya pa 31 Marichi K200,000. Pa chifukwa ichi ndikukudziwitsani kuti mazira a lero ndi omaliza kupereka pa ngongole. Invoisi yake yomaliza ya K200,000 ili pamodzi ndi kalatayi. Zonse pamodzi ndi K680,000, ndipo ndikupempha kuti mulipire pofika pa 28 Epulo ku akaunti yomwe ili pa invoisi. Ngati mufuna mazira pa tsiku limenelo ndibweretsa, koma molipiriratu, ndipo ukhala ulendo wanga womaliza. Ngati mabuku anu akusiyana ndi anga, ndidziwitseni polemba pasanathe masiku 7. Pa 28 Epulo pakadutsa musanalipire ndidzatengera nkhaniyi ku khoti.”

Mulibe mawu onyoza m'menemo, ndipo ndi dala. Salima ndi waung'ono, manijala ameneyu mudzakumana naye pa maliro kapena ku msika wa Kamuzu Road, ndiponso kalatayi tsiku lina akhoza kudzaiwerenga majisitireti. Mulibenso “posachedwa” kapena “mukapeza”, chifukwa mawu oterewa ndi amene anakufikitsani pano. Chiganizo cha masiku 7 chija musachichotse. Chimamukakamiza kutulutsa madandaulo ake tsopano, m'malo modzanena patatha miyezi kuti mazira ena anali oswekasweka.

Chiwongoladzanja musaikepo ngati simunapangane poyamba. Ndikudziwa kuti zimawawa kwacha ikamatha mphamvu ndalama yanu ili kwa wina, koma chilango chongotulukira pa invoisi yomaliza chimangomupatsa chokanira. Za apolisi musatchulenso. Ngongole ya malonda ndi mlandu wa pakati pa anthu awiri, si wa upandu, ndipo malo ake ndi khoti la majisitireti.

Sindikizani makalata awiri, mupite nawo nokha. Wolandira asaine pa kalata yanu, alembe dzina ndi tsiku, ndipo ngati ali ndi chidindo adinde. Kenako jambulani nkutumiza pa WhatsApp kwa mwini loji, chifukwa nthawi zina mwiniwake sadziwa nkomwe kuti pali ngongole.

Akapempha kulipira pang'onopang'ono mukhoza kuvomera, bola alembe ndi kusainira kuti ngongole ndi K680,000 ndipo azilipira zingati pa masiku ati. Pepala limenelo ndi umboni wamphamvu kuposa invoisi. Lamulo limapereka zaka 6 zosumira ngongole yotere, koma musazidalire: maloji amasintha eni, osainira katundu amachoka ntchito. Pa 28 Epulo pakadutsa opanda kanthu, tengani mapepala anu onse mukaonane ndi kalaliki wa khoti ku boma sabata yomweyo.