Ovataimu simathera pa 12 koloko usiku

"Ikangokwana 12 koloko usiku, tsiku latha, maola amayambiranso pa ziro." Mawu amenewa akhala akumveka kwa zaka zambiri, ndipo akutayitsa antchito ndalama zawo.

Shifiti imawerengedwa yonse pamodzi, kuyambira polowa mpaka potuluka. Tiyerekeze kuti wantchito wa pafakitale walowa 18:00 n'kutuluka 04:30. Popeza tsiku lasintha, onjezani maola 24 pa nthawi yotulukira, ikhale 28:30. Mukachotsapo 18:00 patsala maola 10 ndi mphindi 30. Ngati ola lopumula sililipidwa, lichotseni, patsale 9:30. Ngati mgwirizano ukunena maola 8 pa shifiti, ovataimu ndi ola limodzi ndi theka. Koma woduladula pakati pa usiku amapeza maola 6 mbali ino ndi 4:30 mbali inayo, palibe yopitirira 8, ovataimu n'kusowa.

Samalaninso ndi mphindi: 1:30 ndi maola 1.5, osati 1.30. Pa K1,000 pa ola, ovataimu ikamachulukitsidwa ndi 1.5, munthuyu ayenera kulandira K2,250. Wolemba 1.30 amupatsa K1,950 yokha.

Pa kompyuta, mu pulogalamu ngati Excel, nthawi yolowera ikakhala m'bokosi A2, yotulukira m'bokosi B2, mukalemba izi mupeza maola onse a shifiti, musanachotse ola lopumula:

```
=MOD(B2-A2,1)*24
```

Izi zimagwira pa shifiti yosakwana maola 24 basi.

Musangokhulupirira zakumva n'kumauzanso anzanu. Muzilemba nokha nthawi zanu m'kabuku, muyerekeze ndi pepala la malipiro, ndipo muwerenge mgwirizano wanu, makamaka zimene ukunena shifiti ikalowa m'tsiku la tchuthi.