Mpunga wagwa mtengo: mugulitse kapena mudikire?

Tiyerekeze kuti mwangolembedwa kumene ntchito ya umanijala pa golosale yogulitsa mopikulitsa pa Kamuzu Road ku Salima. M'chipinda chosungira katundu mwapezamo matumba 100 a mpunga wa kilombero, a makilogalamu 50, omwe amene munalowa m'malo mwawo anakawoda ku Nkhotakota pa K120,000 thumba limodzi. Lero ogula akunena K105,000. Eni bizinesi akuti: "Amanijala, mpungawo musaugwire mpaka mtengo ubwerere. Ine sindigulitsa moluza." Mitengoyi ndi yongoyerekeza, koma nkhaniyi imachitika chaka ndi chaka.

Choyamba, iwalani K12 miliyoni yomwe inagulira mpungawo. Zikumveka ngati mwano, koma ndalama imeneyo ili m'matumba mwa alimi ndi a malole, ndipo madzi akatayika sawoleka. Mukagulitsa lero sibwerera, mukadikira mpaka Febuluwale sibwereranso. Chinthu chomwe sichisintha kaya mwasankha ichi kapena icho sichingakuuzeni chosankha. Chomwe muli nacho m'manja si K12 miliyoni ayi, ndi mpunga wa K10.5 miliyoni.

Funso lenileni ndi lakuti K10.5 miliyoni imeneyi ikanagwira ntchito yanji ikanakhala kuti siili m'matumbamo. Apa ndi pomwe amanijala atsopano ambiri amagwa, chifukwa phindu lomwe mwalisiya silioneka pa lisiti iliyonse. Tinene kuti shuga, mafuta ophikira ndi sopo zimatha mwezi uliwonse pa shopu yanu, mpaka a maokala ochokera ku Senga Bay ndi ku Khombedza amabwerera osagula, ndipo mukachotsa zonse zolipira mumatsala ndi K5 pa K100 iliyonse. Ndiye kuti K10.5 miliyoni ikanabala K525,000 pa mwezi, kapena K1,575,000 pa miyezi itatu. Pofika nthawiyo mukanakhala ndi K12,075,000.

Tsopano taonani mbali yodikira. Mpunga sungogona ulele. Pali mankhwala oteteza ku tizilombo, matumba osintha omwe makoswe aboola, ndi aganyu osanjanso katundu kuti asakhudze pansi. Tiike K200,000. Kutentha ndi chinyezi cha kunyanja kuno sizichitira chifundo katundu wosungidwa, choncho tinene kuti matumba awiri awonongeka. Mtengo ukabwereradi pa K120,000, matumba 98 akupatsani K11,760,000, ndipo mukachotsa zosungira zija mutsala ndi K11,560,000. Eni bizinesi asangalala kuti sanagulitse moluza, chonsecho ataya K515,000 poyerekeza ndi kugulitsa lero. Kuti kudikira kungofanana ndi kugulitsa lero, thumba liyenera kudutsa pang'ono K125,000. Nambala imeneyi ndi yomwe mukaonetse bwana wanu, osati yogulira ija.

Sindikunena kuti kugulitsa msanga n'kolondola nthawi zonse. Mitengo ya chakudya imakonda kukwera miyezi ya njala, kuyambira Disembala mpaka anthu atatsala pang'ono kukolola, ndiponso kwacha ikamagwa mphamvu, kusunga katundu kumaposa kusunga ndalama. Ngati muli ndi chifukwa chomveka choyembekezera K135,000, dikirani. Komanso phindu losiyidwalo liyenera kukhala lenileni. Ngati shuga ndi sopo zadzaza kale m'mashelefu ndipo ogula owonjezera palibe, ndalamayo ingokagona ku banki, ndipo chomwe mwasiya ndi chiwongoladzanja chokha. Muyerekeze ndi njira imodzi yabwino koposa yomwe mungathedi kuichita, osati kuphatikiza maloto anu onse.

Samalaninso kuti musatche ndalama iliyonse yolipidwa kuti yapita. Ngati munapereka chikole cha K500,000 pa malo osungira katundu ndipo pangano likuti chimabwezedwa mukatuluka, imeneyo ikadali yanu, muiwerengere. Koma lendi ya miyezi yomwe yadutsa yapita. Mtengo wogulira uja nawonso usafufutidwe m'mabuku. Akauntanti amaufuna powerengera phindu ndi msonkho, ndipo ndi womwe ungakuphunzitseni kuti chaka chamawa musadzawode matumba 100 nthawi imodzi.

Matenda okakamira ndalama yomwe inapita kale amadziwika ndi zolankhula za pa msonkhano. Mukamva kuti "tawonongapo kale zambiri" kapena "tingodikira tibweze zathu", popanda wina wotchula mtengo wa miyezi itatu ikubwerayi, dziwani kuti anthu akuyang'ana kumbuyo. Kawirikawiri wolimbikira kwambiri amakhala yemwe anavomereza kugulako, chifukwa kugulitsa motsika kuli ngati kuvomera kuti analakwa. N'chifukwa chake pokamba ndi eni bizinesi musayambe ndi zoti ndani anagula modula. Afunseni kuti: "Bwana, mukanakhala ndi K10.5 miliyoni m'manja lero, mukanagula mpunga umenewu kuti muusunge miyezi itatu?" Akayankha kuti ayi, pemphani chilolezo choyamba kugulitsa, ngakhale theka lokha sabata ino.