Meseji ya gulu lowerengera limodzi: tchulani tsiku, ola, ndi dzina la munthu pa ntchito iliyonse

Magulu owerengera limodzi a MSCE ambiri amafera pa meseji yoyamba yomwe ija, isanafike ndi sabata yachitatu. Munthu amatsegula gulupu pa WhatsApp, kuikamo anzake, kenako kulemba kuti "Anzanga tizikumana liti? Aliyense awerengeko masamu." Basi. Mawa lake mupeza mayankho makumi angapo, wina akuti Loweruka, wina akuti ine Loweruka ndimapemphera, wina wangoponya kachithunzi ka chala, ena awiri awerenga koma ali phee, ndipo palibe chomwe chamangidwa. Ine ndimaphunzitsa masamu, masana ndimathandizanso akuluakulu amene akubwereza fomu 4, ndiye mameseji oterewa ndimawaona pafupipafupi ophunzira akamandionetsa mafoni kuti aphunzitsi taonani anthuwa sakubwera.

Vuto ndi loti mesejiyo ikufunsa pomwe imayenera kudziwitsa. Kufunsa kuli ndi nthawi yake, koma muzichita kumbali, munthu mmodzimmodzi, musanalembe pagulu. Ngati muli asanu (ndipo musapitirire asanu ndi mmodzi, kupitirira apo ena amangobwera kudzamvera) imbirani aliyense kapena mulembereni payekha, funso lake likhale loti "ndi nthawi iti imene sungathe kubwera zivute zitani?" Funso ili limayankhika msanga kuposa lakuti ukufuna liti, chifukwa munthu amadziwa bwino zomwe zimam'manga. Wa Seventh Day anena kuti Loweruka ayi mpaka dzuwa litalowa, Msilamu anena za Lachisanu masana, wogulitsa kaunjika anena tsiku la msika, mayi wa ana anena kuti m'mawa ndi madzulo kwambiri iwalani. Mukachotsa zonsezo nthawi yotsala imakhala yochepa, mwina ziwiri zokha, ndiye inuyo musankhepo imodzi n'kuilemba ngati nkhani yomangidwa kale.

Tiyeni titenge gulu la anthu asanu a ku Lilongwe, okhala mbali ya Kawale, Biwi, Mchesi ndi Chilinde, onse akufuna kirediti ya masamu. Kwa amene simukudziwa, MANEB imapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9, kirediti ndi 3 mpaka 6, ndipo ambiri obwereza amakhala kuti anapeza 7 kapena 8, anakhoza inde koma kukoleji imene akuifuna akuti masamu akhale kirediti. Atafunsana apeza kuti Lamulungu masana ndiye pali mpata. Meseji yake ingakhale chonchi, ndipo pomwe ndalemba komwe munthu amakhala inu muike dzina lake lenileni:

"Anzanga, tizikumana Lamulungu lililonse, 2 koloko masana mpaka 4 koloko, kuyambira Lamulungu likubwerali, kunyumba kwa achemwali a ku Kawale. Tiziyamba 2 koloko ngakhale titakhala awiri. Sabata ino mutu ndi makwadiratiki. Achimwene a ku Biwi: mudzationetse kufakitaraiza 2x² + 3x − 2 = 0. Achemwali a ku Mchesi: x² + 4x − 1 = 0 pogwiritsa ntchito njira yokwaniritsa sikweya. Achimwene a ku Chilinde: funso lomwelo koma ndi fomula. Achemwali a ku Kawale: mutipezere mafunso atatu a mutu umenewu m'mapepala akale a MANEB, mudzabwere mutawasova kale. Ine ndidzasunga nthawi ndipo ndidzaonetsa kachekedwe ka ansala. Aliyense atenge kope, cholembera ndi kalukuleta. Yankhani kuti 'ndaona' pofika Lachinayi madzulo. Amene walephera kubwera anene pofika Lachisanu ndipo atumize chithunzi cha ntchito yake."

Ndi yaitaliko pang'ono koma ndi imodzi, ndipo munthu akaitsegula Loweruka usiku apeza zonse pamalo amodzi osafunsanso wina.

Onani kaye za nthawi. Pali ola loyambira ndi ola lomalizira, ndipo lomaliziralo anthu ambiri amaliiwala pomwe ndi limene limapangitsa munthu wotanganidwa kuvomera. Mayi amene wasiya mwana kwa neba akufuna adziwe kuti 4 koloko anyamuka, komanso miyezi ya Meyi ndi Juni, pomwe mayeso ayandikira, dzuwa limalowa msanga, isanakwane 6 koloko kwada kale, ndiye wochokera kutali ayende kukuwala. Mawu akuti "masana" okha kapena "tikaweruka kutchalitchi" si nthawi ayi, matchalitchi saweruka limodzi, wina 11 koloko ali panyumba wina 1 koloko akadali pa zolengeza. Ndipo chiganizo chija choti tiziyamba ngakhale titakhala awiri musachichotse poopa kuoneka ankhanza. Gulu likadikira ochedwa sabata yoyamba, amene anafika pa nthawi aphunzira kuti 2 koloko ndi hafu pasiti 2, sabata yachiwiri nawonso achedwa, pofika mwezi mukukumana 3 koloko n'kumaweruka 4 yomwe ija.

Koma mtima wa meseji uli pa kagawidwe ka ntchito, ndipo apa ndipomwe ndikufuna tikhalitsepo. "Aliyense awerengeko makwadiratiki" si ntchito, chifukwa palibe njira yodziwira ngati munthu wachita kapena sanachite, iye mwini sadziwanso kuti wamaliza liti. Atsegula buku, ayang'ana zitsanzo ziwiri, aona ngati zikumveka, atseka. Masamu amanamiza choncho, ukamayang'ana wina akusova zonse zimaoneka zophweka mpaka utagwira cholembera wekha. Pomwe mukamulembera munthu dzina lake ndi funso lake, 2x² + 3x − 2 = 0, akudziwa kuti Lamulungu aimirira pamaso pa anzake anayi ndipo afike pa (2x − 1)(x + 2) = 0, kenako x = ½ kapena x = −2, ndipo wina amufunsa kuti 4x ndi −x wazitenga kuti pothyola 3x ija. Kuti ayankhe ayenera kudziwa kuti anafuna manambala awiri oti akachulukitsa apereke −4 (ndiye 2 kuchulukitsa ndi −2) ndipo akaphatikiza apereke 3. Munthu amene wakonzekera kufotokoza zimenezi wawerenga mosiyana kwambiri ndi amene anangouzidwa kuti awerengeko.

Mwaonanso kuti anthu awiri ndawapatsa funso limodzi, x² + 4x − 1 = 0. Ndachitira dala. Choyamba funso limeneli silifakitaraizika ndi manambala athunthu, ndiye gulu liona ndi maso chifukwa chake pali njira zina ziwirizo, osati kungoloweza kuti zilipo zitatu. Chachiwiri awiriwa akhala akuchekana okha popanda mphunzitsi. Wokwaniritsa sikweya afika pa (x + 2)² = 5, wa fomula adutsa kwake, koma onse ayenera kuthera pa x = −2 ± √5, kapena kuti 0.24 ndi −4.24 tikadula pa madesimo awiri. Akasiyana ndiye kuti wina wapunthwa penapake, ndipo kawirikawiri ndi wa fomula, pa b² − 4ac paja, amalemba 16 − 4 kupeza 12 m'malo mwa 16 + 4 kupeza 20 chifukwa waiwala kuti c ndi −1. Kulakwitsa kumeneku kumadyetsa anthu malikisi chaka ndi chaka, bola kukagwidwe pakhonde ku Kawale anzako akuona kusiyana ndi m'chipinda cha mayeso. Gulu lopanda mphunzitsi limakhala ndi ngozi imodzi yaikulu, yophunzitsana zolakwika molimba mtima, ndiye pogawa ntchito muziganiza kuti kodi ansala imeneyi aitsimikizira ndani. N'chifukwa chake wosunga nthawi naye ndamupatsa mbali yocheka, kubwezera ansala mu funso kuona ngati ikupereka 0.

Musapereke mutu wonse kwa amene amakhoza kwambiri. Zimakopa, chifukwa amafotokoza bwino ndipo zinthu zimayenda, koma mapeto ake iye wasanduka mphunzitsi wosalipidwa, atopa, ndipo tsiku limene wadwala gulu lonse lagwa. Wofooka m'patseni kachidutswa kakang'ono koma kakhale kake.

Ntchito zonsezi ziyenera kukwana mu maola awiri aja, ndiye werengerani musanatumize. Mphindi 10 zokhazikika, anthu atatu ofotokoza njira aliyense mphindi 20, imeneyo ndi ola lathunthu, mphindi 30 aliyense payekha kusova mafunso atatu a m'mapepala akale mwakachetechete ngati mayeso, ndiye mphindi 20 zotsala kuchonga ndi kugawana za sabata yamawa. Zakwana 120 ndendende, palibe malo a bayoloje. Ndimaona magulu akulemba kuti sabata ino masamu, Chingerezi ndi agirikacha tsiku limodzi, zotsatira zake phunziro lililonse amangolinunkhiza. Ngati mukufuna maphunziro angapo muzisinthanitsa masabata, ndipo meseji izinena kuti sabata ino ndi chakuti.

Za "ndaona" zija. Tizizindikiro tabuluu timangokuuzani kuti meseji yatsegulidwa, nthawi zina ndi mwana amene amaseweretsa foni, ndipo pagulu lotere pamakhala wina wogwiritsa ntchito foni ya mlongo wake kapena amene bandulo yake inatha Lolemba. Lachinayi likadutsa wina asanayankhe musalembe pagulupu kuti ena mukutinyoza, ingomuimbirani kapena m'tumizireni meseji wamba yokhala ndi funso lake. Lachinayi ndasankhira kuti patsale masiku awiri athunthu, ngati wina sabwera ntchito yake ipatsidwe kwa wina akadali ndi nthawi yokonzekera. Pa chifukwa chomwechi lembani, musajambule mawu. Voisi ya mphindi zitatu munthu sangaimvere ali mu minibasi, ndipo x² + 4x − 1 yonenedwa pakamwa imafika kwa mnzanu itasintha chizindikiro.

Meseji ya sabata yachiwiri imafupika, tsiku ndi malo zakhazikika kale, mumangobwereza mzere umodzi wa nthawi kenako mutu watsopano ndi mayina. Itumizeni Lamulungu lomwelo madzulo kapena Lolemba m'mawa zomwe munagawana zikadali m'mutu. Ndipo nthawi ija musaisunthe chifukwa cha munthu mmodzi, kukagwa maliro kapena mvula yatseka njira lengezani kuti sabata ino kulibe, tionana Lamulungu linalo 2 koloko, ntchito ndi zomwe zija, aliyense asunge funso lake.