Firiji ya katemera ikatentha, kompyuta ichenjeze ndani, ndipo kangati?

Mwezi wa Okutobala kuno ku Chigwa cha Shire dzuwa limaswa mtengo. Ku Ngabu ndi ku Nsanje kutentha kumapitirira madigiri 40, pomwe katemera amayenera kusungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Ogwira ntchito pachipatala sangakhale pafiriji tsiku lonse, choncho ntchito yolondera ingapatsidwe kwa kompyuta poiuza lamulo: ngati chakuti chachitika, uchite chakuti, ngati sichinachitike, khala chete.

Lamulo lotere lili ndi choyambitsa, funso ndi chochita. Choyambitsa ndi nambala yatsopano ikalowa, kaya wailemba mlangizi wa zaumoyo m'mawa ndi madzulo, kaya yachokera ku kachipangizo koyezera kutentha. Funso limayankhidwa ndi inde kapena ayi basi. Chochita ndi uthenga wopita pafoni ya munthu amene angathamangire kufiriji.

Tinene kuti manambala akulowa mu Google Sheets, pulogalamu ya matebulo ya pa intaneti, m'bokosi B2. Ambiri amayamba chonchi:

```
=IF(B2>8,"CHENJEZANI","BWINO")
```

Lamuloli laiwala kuzizira. Katemera wina, monga wa kafumbata, amawonongeka akaundana, ndipo sabwereranso mwakale ngakhale asungunuke. Koma mukangowonjezera `B2<2`, bokosi lopanda kanthu limawerengedwa ngati 0, ndiye chenjezo limatuluka pomwe munthu sanalembe n'komwe. Palinso msampha wina. Munthu akalemba "5 C" m'malo mwa 5, kompyuta imaona mawu osati nambala, ndipo poyerekeza imatenga mawu kukhala aakulu kuposa nambala iliyonse. Firiji yabwinobwino imaoneka ngati yatentha. Funso loyamba likhale lakuti, kodi iyi ndi nambala?

```
=IF(NOT(ISNUMBER(B2)),"ONANI",IF(OR(B2<2,B2>8),"CHENJEZANI","BWINO"))
```

Dziwani kuti lamuloli limangolemba mawu m'bokosi. Kuti uthenga ufike pafoni pamafunika pulogalamu ina, monga Apps Script, yoti iziwerenga bokosilo n'kutumiza.

Apa ndiye pamene ambiri amagwa. Tinene kuti kachipangizo kamayeza mphindi 15 zilizonse. Magetsi azima, firiji yadutsa madigiri 8 nthawi ya 1 koloko masana, ndipo yakhala choncho mpaka 5 koloko. Maola anayiwo ndi mauthenga pafupifupi 16 onena chinthu chimodzi. Tsiku loyamba namwino amathamanga. Pofika tsiku lachitatu wazimitsa kulira kwa foni, ndipo tsiku limene firiji idzafe ndithu palibe adzamve. Cholakwika n'chakuti lamulo likufunsa kuti "kodi kwatentha?" m'malo mofunsa kuti "kodi kwangoyamba kutentha?"

Mankhwala ake ndi kuipatsa kompyuta pokumbukira. Sankhani bokosi limodzi, tinene D1, lokhala ndi 0 kapena 1. Uthenga wa kutentha upite pokhapokha ngati nambala yadutsa 8 komanso D1 ili pa 0. Ukangopita, pulogalamu ilembe 1 mu D1. Miyeso 15 yotsatirayo ipeza 1 ndipo ikhala chete.

Nanga D1 ibwerera liti pa 0? Musaibweze pa 8 pomwepo. Firiji ikamasewera pakati pa 7.9 ndi 8.1, chenjezo limayaka n'kuzima, kuyakanso, ndipo phokoso lija labwerera. Ibwezeni kutentha kukatsika pansi pa 7, kuti pakhale mpata wa digiri imodzi pakati pa poyatsira ndi pozimitsira.

Nthawi nayo ilowe m'funso. Chitseko chikatsegulidwa pa tsiku la sikelo, kutentha kumakwera pang'ono kenaka n'kutsika kokha. N'chifukwa chake tizipangizo tosunga miyeso ya masiku 30 timene timaikidwa m'mafiriji a katemera timachenjeza kutentha kukakhala pamwamba pa 8 kwa maola 10 osalekeza, pomwe kuzizira kwa pansi pa -0.5 timangokupatsa ola limodzi. Maola 10 ndi osonyeza kuti katemera mwina wakhudzidwa kale. Uthenga wanu ndi woti munthu apulumutse katemerayo, choncho miyeso inayi yotsatizana, pafupifupi ola limodzi, ndi poyambira pabwino.

Chinthu chimene lamulo lonseli silingaone ndi zii. Madzi akasefukira ku Makhanga netiweki n'kuduka, palibe nambala imalowa, choyambitsa sichidzuka, ndipo muofesi paboma amaganiza kuti zonse zili bwino. Pamafunika lamulo lachiwiri loyambitsidwa ndi wotchi osati ndi nambala: ola lililonse lione nthawi ya muyeso womaliza, ndipo ngati papita maola awiri, liuze woyang'anira katemera paboma kuti aimbe foni kapena atume munthu.

Musanalidalire, liyeseni ndi manja. Lembani 8, kenaka 8.1, 1.9, bokosi lopanda kanthu ndi "5 C". Pa 8 penipeni uthenga usapite, chifukwa `>` siphatikiza 8. Ngati mukufuna kuti 8 achenjezenso, lembani `>=`.