Phindu la m'buku si ndalama za m'thumba

“Ngati bizinesi ikupanga phindu, ndalama zilipo.” Mawuwa akhala akumveka zaka zambiri, ndipo ndi olakwika.

Phindu limawerengedwa tsiku limene mwagulitsa, koma ndalama zimalowa tsiku limene wogula walipira. Tiyerekeze kuti mu Januwale mwagula katundu wa 600 n'kulipira pompo, mwamugulitsa pangongole pa 1,000, ndipo lendi ndi malipiro a antchito zadya 250. Buku likuti phindu ndi 150. Koma wogulayo alipira mu Malichi, choncho m'thumba mwatuluka 850 ndipo simunalowe kanthu. Ngati mudayamba ndi 500, mwaperewera 350.

Kuti muone kuperewera kotere kusanafike, lembani mizati 12, mwezi uliwonse mzati wake. Pamwamba ikani ndalama zoyamba nazo mwezi, muwonjezere zolowa, muchotse zotuluka. Zotsala ndizo zoyambira mwezi wotsatira. Chilichonse chilembedwe m'mwezi umene ndalamayo idzagwirike kapenadi kutuluka, osati m'mwezi wa invoisi, pepala losonyeza ndalama zoyenera kulipidwa. Apa ndi pamene ambiri amaphonya.

Musaiwale zinthu zimene zimadya ndalama koma sizichotsedwa zonse pa phindu la mweziwo: kugula makina, kubweza ndalama yeniyeni imene mudakongola osawerengera chiwongoladzanja, katundu wongokhala m'sitolo, ndi zimene mwini amatapa. Kutsika mtengo kwa makina pamene akukalamba kumachepetsa phindu, koma sikutulutsa ndalama, choncho musakulembe m'mizatimo.

Dziyesereni nokha. Tengani phindu la mwezi watha, muliyerekeze ndi mmene ndalama za kubanki ndi za m'kabati zasinthira, kenako mufufuze gwero la kusiyanako. Musanatero, musauze mnzanu kuti phindu ndi ndalama n'chimodzi.