Msambo ukasiya zaka 40 zisanakwane

Mayi wina wa zaka 33 wochokera ku Mufakose, mumzinda wa Harare, anabwera kuchipatala atanyamula tizida titatu toyezera mimba m'kachikwama. Tonse tinasonyeza kuti alibe pakati, koma anali atatha miyezi 7 osapita kumwezi. Usiku ankadzuka zofunda zitanyowa ndi thukuta, ndipo kukhala malo amodzi ndi amuna awo kunkawapweteka chifukwa cha kuuma kwa njira. Ndinayamba ndawafunsa ngati amabayitsa jakisoni wolera, poti nayenso amaimitsa msambo. Anati ayi.

Tinayeza magazi. Ubongo umatumiza homoni yotchedwa FSH kuti ikadzutse timatumba ta mazira. Timatumbato tikapanda kuyankha, ubongo umangoonjezera homoniyo, ndiye imachuluka m'magazi. Mayi wosakwana zaka 40 akatha miyezi 4 msambo utasiya kapena ukudumphadumpha, FSH n'kupitirira 25, timati timatumbato tafooka nthawi isanakwane. Zimagwera pafupifupi mayi mmodzi pa 100 alionse.

"Adokotala, ndinalakwa chiyani?" anandifunsa. Palibe chimene analakwa, ndipo si jakisoni kapena mapiritsi olera amene amayambitsa vutoli. Kwa ambiri chifukwa chake sichipezeka. Ena n'zakumtundu, n'chifukwa chake timafunsa zaka zimene amayi awo ndi achemwali awo anasiyira kusamba. Ena chitetezo cha m'thupi chimaukira timatumbato, ndipo kawirikawiri chimakhudzanso chithokomiro, ndiye nacho timachiyeza. Kuno ku Harare tisaiwalenso amene analandira mankhwala a khansa, kapena anawotchedwa ndi makina m'chinena chifukwa cha khansa ya khomo la chiberekero.

Za ana ndimanena zoona zake. Timatumbato nthawi zina timadzukanso, moti amayi 5 mpaka 10 pa 100 amatenga pakati paokha, koma palibe mankhwala otsimikizika obwezeretsa mazira. Njira yodalirika ndi dzira lochokera kwa mayi wina, ndipo ndi yodula.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mafupa ndi mtima, poti izi sizimva kuwawa msanga. Homoni ya esitirojeni, imene timatumba ta mazira timapanga, imateteza zonsezi, ndipo thupi limayenera kukhala nayo mpaka zaka za m'ma 50. Mayi uyu akanakhala zaka zoposa 15 alibe, mafupa akufooka mwakachetechete mpaka tsiku lina kuthyoka dzanja atangoterereka pampopi. Choncho tinawayambitsa esitirojeni, pamodzi ndi pulojesiteroni yoteteza mkati mwa chiberekero ku khansa, kuti azimwa mpaka zaka pafupifupi 50. Amene anadwalapo khansa ya m'mawere kapena magazi kuundana m'mitsempha ayenera kuunikidwa kaye mwapadera.

Atabweranso patapita miyezi 3, thukuta la usiku linali litatha. Ndinawakumbutsa kuti mankhwalawa si olera ayi, ndipo akadzakayikira kuti ali ndi pakati adzayezenso mimba.