Bafa yekha akasanduka buluu, nambalazo musazikhulupirire

Mnyamata wina wa kuno ku Mchinji amene akuchita kafukufuku wa soya anandiimbira ali wokhumudwa, akuti achimwene, ufa womwewo dzulo unandipatsa puloteni wambiri lero watsika, mashini afa kapena? Ndinamufunsa chimodzi chokha, mu bafa wako, madzi a mankhwala amene wasungunuliramo ufawo, muli chani? Anati SDS, 1 peresenti. Basi vuto linali pomwepo, poti SDS ndi sopo wa mu labu.

Njira yoyezera puloteni imene amagwiritsa ntchito mnyamatayu ndi ya Bradford, anaitulukira Marion Bradford mu 1976. Timagwiritsa ntchito dayi wotchedwa Kumasi Buluu G-250 (dzinali ndi la mzinda uja wa ku Ghana), amene amakhala mu asidi ndipo amaoneka wofiirira. Akakumana ndi puloteni amamukakamira, makamaka pa ajinini, chimodzi mwa zidutswa zimene zimapanga puloteni, nkusanduka buluu, ndiye mashini amayeza buluuyo ndi kuwala kwa 595 nm. Mumathira mamaikulolita 20 a sampo mu mililita imodzi ya dayi, kudikira mphindi 5, nkuwerenga ola lisanathe. Nambalayo mumaiyerekeza ndi ya BSA, puloteni wa m'magazi a ng'ombe amene mwasungunula nokha mukudziwa kuchuluka kwake, kuyambira 0.1 mpaka 1 mg/mL.

Tsono SDS ndi sopo, ndipo sopoyo amakakamira puloteni komanso dayi yemweyo, ndiye mtundu umene mukuwonawo si wa puloteni yekha ayi, nambala imatha kukwera kapena kutsika ndipo nthawi zina mumaona timibulu tikuyandama. Kuzindikira kwake nkosavuta: thirani bafa yekha wopanda sampo mu dayi. Akasintha mtundu poyerekeza ndi madzi, musavutikenso kuyeza zinazo.

Mnzathuyu BSA wake anasungunulira m'madzi pomwe soya anali mu SDS, ndiye amayerekeza zinthu zosiyana. Mwayi wake soya ali ndi puloteni wambiri, tinangotenga gawo limodzi la sampo nkuthira magawo 49 a madzi, SDS nkutsika kufika 0.02 peresenti, BSA naye tinamuika mu bafa wosungunulidwa chimodzimodzi, chubu cha bafa yekha wopanda puloteni chimodzimodzinso. Tinapeza 0.2 mg/mL, kuchulukitsa ndi 50, ndi 10 mg/mL. Kuchulukitsako musaiwale chonde, ambiri amagwera pamenepa.

Sampo ikakhala yochepa puloteni kusungunula sikuthandiza, mungotsala ndi madzi. Apo thirani asetoni wozizira magawo anayi pa gawo limodzi la sampo, ikani mu firiza ola limodzi, zungulitsani mu sentirifuji, puloteni atsalira pansi sopo wambiri apita ndi asetoni. Kapena ingosinthani mupite ku njira ina yoyezera puloteni yotchedwa BCA, imene imapirira sopo bwino.

Chinanso chimene chimandiwawa, machubu otsukidwa ndi sopo wa ufa osatsukuluza bwino. Mukathira madzi nkukhutchumula nkuona thovu, tsukuluzaninso ndi madzi a disitilodi, kapena tengani apulasitiki atsopano, poti agalasi dayiyu amawadetsanso buluu.